N'chifukwa chiyani mpangankhani wokondedwa amasintha khalidwe sewero likamapita kumapeto?

Sewero la pa kanema limene lakhala likuonetsedwa kwa zaka zambiri likamayandikira kumapeto, pamabuka dandaulo lomwe lamvekapo kambirimbiri, lakuti munthu wina wa m'nkhaniyo wachita chinthu chimene sakanachita. Oonera amene amudziwa kwa zaka zisanu kapena zisanu ndi zitatu amati uyu si iye, ndipo ena amafika ponena kuti alembi amuwononga dala. Mbali inayo imayankha kuti zizindikiro zinalipo kuyambira pachiyambi, kungoti anthu anazinyalanyaza chifukwa cha chikondi. Mkangano wotere unakula kwambiri mu 2019, pamene sewero la Game of Thrones linatha, mpaka anthu oposa miliyoni imodzi anasaina pempho loti zigawo zonse za chaka chomaliza zikonzedwenso. Pempholo silinasinthe kanthu, koma funso limene linali pansi pake likadalipo, ndipo limabweranso nthawi iliyonse sewero lotchuka likamatsekedwa.

M'nkhani ino mawu oti mpangankhani akuimira munthu wopeka wa m'sewero, pomwe wazisudzo ndi munthu weniweni amene amasewera malo ake. Sizoni ndi mndandanda wa zigawo zoonetsedwa m'nyengo imodzi, ndipo chigawo chilichonse chimatchedwa episodi. Amene sanaonere masewero otchulidwa pano adziwiretu kuti mathero a ena mwa iwo aululidwa, popeza n'kovuta kufotokoza vutoli popanda kuonetsa pamene lagona.

Khalidwe la mpangankhani n'chiyani?

Munthu weniweni ali ndi maganizo amene ife sitiwaona, ndipo akachita chodabwitsa timavomereza kuti pali zina za mumtima mwake zimene sitinkazidziwa. Mpangankhani alibe mtima wobisika wotero. Zonse zimene iye ali ndi zimene zinalembedwa, zinaseweredwa ndi kuonetsedwa. Chimene timachitcha khalidwe lake ndi chizolowezi cha zosankha zake, makamaka zimene amasankha akapanikizika: amateteza ndani zinthu zikavuta, amanama pa zifukwa ziti, ndipo ndi malire ati amene sawadumpha ngakhale atapsa mtima chotani. Woonera amasonkhanitsa zosankha zimenezi pang'onopang'ono mpaka amayamba kulosera zimene munthuyo achite, ndipo chikondi chake pa mpangankhaniyo chimamera pa kulosera kumeneku.

Kusintha pakokha si vuto. Masewero ambiri otamandika amakhala a munthu amene akusintha, wabwino n'kuipa kapena wamantha n'kulimba mtima, ndipo oonera amakondwera nazo. Chimene chimawawa ndi kusintha kumene njira yake sinaonetsedwe. Zili ngati mwana amene mukukhala naye m'nyumba: amakula tsiku ndi tsiku inu osadabwa, koma wachibale amene anamuona komaliza ali wakhanda akabwera amachita kufunsa kuti uyu ndi yani. Woonera amene akudandaula nthawi zambiri amakhala ngati wachibale uja, kusiyana kwake n'kwakuti iye sanachoke, anaonera episodi iliyonse, choncho amamva kuti wabisiridwa masiku amene kusinthako kunachitika.

Funso lothandiza, tsono, ndi lakuti masiku amenewo anapita kuti. Mayankho ake ambiri ali m'mene masewerowa amapangidwira.

Manja olemba akasintha

Ku America, kumene masewero ambiri otere amachokera, sewero lotsatizana kawirikawiri sililembedwa ndi munthu mmodzi. Pamakhala gulu la alembi limene limakhala m'chipinda chimodzi n'kumagwirizana za mmene nkhani ya sizoni yonse iyendere, kenako episodi iliyonse imapatsidwa kwa mlembi mmodzi kapena awiri kuti ailembe. Pamwamba pawo pamakhala mkulu wa sewero, amene amakonza zolembedwa zonse komaliza kuti mawu a mpangankhani aliyense azimveka mofanana sabata ndi sabata. Magulu ambiri amasunganso buku lofotokoza mbiri ya ampangankhani, koma bukulo limasunga zinthu zowerengeka monga mayina a abale, ntchito ndi zimene zinachitika kale. Silingasunge khutu la munthu amene amangomva kuti chiganizo ichi uje sanganene. Khutu limenelo likachoka, mbiri imakhala yolondola koma munthu amamveka wina.

Chitsanzo chodziwika ndi The West Wing, sewero la ndale limene linaonetsedwa kuyambira 1999 mpaka 2006. Aaron Sorkin, amene analiyambitsa, analemba kapena kuthandiza kulemba pafupifupi episodi iliyonse ya masizoni anayi oyambirira, ndipo anachoka mu 2003. Chakumapeto kwa seweroli, mpangankhani wotchedwa Toby Ziegler, yemwe oonera ankamudziwa monga munthu wokangana ndi pulezidenti maso ndi maso koma wokhulupirika kwa iye, anavomera kuti ndiye anaulula chinsinsi cha boma kwa mtolankhani. Richard Schiff, wazisudzo amene ankasewera malo a Toby, ananena poyera kuti sankakhulupirira kuti Toby angachite zimenezo, ndipo kuti m'maganizo mwake ankasewera ngati munthu amene akubisa mnzake wolakwa. Alembi atsopanowo anali ndi poyambira pawo, pakuti Toby analidi munthu wodziona kuti ndi wolungama kuposa anzake, ndipo munthu wotero angathe kuphwanya lamulo poganiza kuti akupulumutsa miyoyo. Mbali zonse ziwiri zinkaona zinthu zimene zinalidi mwa Toby, koma zinkasiyana pa yankho la funso lakuti pakati pa kukhulupirika ndi kudzilungamitsa, chimene chimapambana mwa iye n'chiti.

Sewero la nthabwala la Community linaonetsa zomwezi moonekeratu. Amene analiyambitsa, Dan Harmon, anachotsedwa itatha sizoni yachitatu, sizoni yachinayi inapangidwa iye kulibe, ndipo anabwezeredwa pa sizoni yachisanu. Atabwerera, seweroli linaika nthabwala yakuti chaka chapitacho ampangankhani ankachita zachilendo chifukwa mpweya woipa unkadontha pasukulupo, komwe kunali kuvomereza mwanthabwala zimene oonera ankanena.

Kusintha kwa alembi kuli ndi chizindikiro chake. Sikugwira munthu mmodzi yekha, ndipo kumayamba kuonekera m'kalankhulidwe zochita zisanasinthe. Nthabwala zimatalika kapena kufupika, anthu amene kale ankazungulira nkhani amayamba kunena za kumtima kwawo mosabisa, ndipo mawu amene mpangankhani ankadziwika nawo amabwerezedwa kwambiri, ngati kuti olemba akufuna kutsimikizira oonera kuti akumudziwa. Mayina a alembi ndi a akuluakulu a sewero amalembedwa kumayambiriro kapena kumapeto kwa episodi iliyonse, choncho chifukwa chimenechi n'chosavuta kuchitsimikiza kapena kuchichotsa pa mndandanda.

Mathero akadziwika kale koma nthawi yachepa

Chifukwa chimene chimabala mikangano yaikulu kwambiri n'chosiyana ndi chimenechi, ndipo chimachitika ngakhale alembi ali omwewo. M'masizoni oyambirira, olemba amayamba ndi munthu n'kufunsa kuti munthu wotereyu, atakumana ndi vuto lotere, angatani. Nkhani imatsatira yankho. Tsiku lotseka sewero likalengezedwa, funso limatembenuka: mathero ndi awa, nanga tichite chiyani kuti aliyense akafike pamalo ake m'maepisodi amene atsala? Pamenepo mpangankhani amasiya kutsogolera nkhani n'kuyamba kukokedwa nayo, ndipo ngati mtunda wotsala ndi wautali kuposa nthawi, masitepe ena amadumphidwa.

Nkhani ya Daenerys Targaryen, mkazi womenyera mpando wachifumu mu Game of Thrones, ndi yoyenera kuiona bwinobwino, chifukwa ziwerengero zake zili poyera. Masizoni asanu ndi limodzi oyambirira anali ndi maepisodi 10 iliyonse. Yachisanu ndi chiwiri inali ndi 7, ndipo yomaliza, ya mu 2019, inali ndi 6, ngakhale kuti ena mwa iwo anali aatali kuposa ola limodzi. Akuluakulu a seweroli, David Benioff ndi D. B. Weiss, anali omwewo kuyambira pachiyambi mpaka pamapeto, choncho kusintha kwa manja sikungafotokoze zimene zinachitika. Chimene chinasintha ndi gwero: seweroli linachokera m'mabuku a George R. R. Martin, buku lachisanu linatuluka mu 2011, ndipo pofika sizoni yachisanu ndi chimodzi nkhani ya pa kanema inali itapitirira pamene mabukuwo analekezera. Kuyambira pamenepo alembi analibenso mitu yolembedwa kale yosonyeza zimene ampangankhani akuganiza pakati pa chochitika china ndi chinzake.

Mu episodi yachisanu ya sizoni yomaliza, asilikali oteteza mzinda wa King's Landing ataya zida ndipo mabelu osonyeza kugonja akulira. Daenerys, atakwera chinjoka chake cholavula moto, akuyamba kutentha misewu ya mzindawo pamodzi ndi anthu wamba, amayi ndi ana. Ichi ndicho chochita chimene ambiri anati si cha iye.

Amene amati zizindikiro zinalipo ali ndi umboni wambiri. Mu sizoni yoyamba anatentha wamoyo mayi amene Daenerys ankamuimba mlandu womuphera mwamuna. Mu yachiwiri, atakanizidwa kulowa mumzinda wa Qarth, anaopseza kuti zinjoka zake zikadzakula adzatentha mizinda mpaka kuisandutsa phulusa. Mu yachinayi anapachika eni akapolo 163 ku Meereen pobwezera ana 163 amene anapachikidwa m'mbali mwa msewu, ndipo sanafufuze kuti pakati pawo wolakwa ndani, wosalakwa ndani. Mu yachisanu ndi chiwiri anatentha Randyll Tarly ndi mwana wake Dickon, omwe anali atagwidwa kale pankhondo, chifukwa anakana kumugwadira. Moto, chilango chofulumira ndi chikhulupiriro chakuti iye anabadwira ufumu zinali mwa iye nthawi yonseyi.

Amene amati uyu si iye alinso ndi umboni, ndipo umboni wawo umatsamira pa malire. Onse amene Daenerys anawapha m'zitsanzo zimenezi anali anthu amene iye ankawaona kuti ndi adani kapena opondereza ena. Pa anthu wamba, nkhani inkaonetsa zosiyana. Ku Astapor, polamula asilikali ake kupha eni akapolo, anawauza kuti asavulaze mwana aliyense. Kumapeto kwa sizoni yachinayi, munthu wina atamubweretsera mafupa opserera a mwana wake wamkazi amene chinjoka chinamupha, Daenerys anatsekera zinjoka zake ziwiri m'chipinda chamdima n'kuzimanga ndi maunyolo, ngakhale kuti ankazitcha ana ake. Mu sizoni yachisanu ndi chiwiri ananena kuti sanabwere kudzakhala mfumukazi ya phulusa. Choncho chimene oonera ankachidziwa chinali chakuti ndi wankhanza kwa amphamvu ndi wachifundo kwa ofooka, ndipo episodi yachisanu inafafaniza mzere umenewo.

Kuti mzere wotere ufafanizike mokhutiritsa, nkhani imayenera kuonetsa zinthu ziwiri: zimene zikumukankha munthuyo, ndi mmene maganizo ake pa malirewo akusinthira. Choyambacho sizoni yomaliza inachipereka mochuluka. Mu episodi yachiwiri Jon Snow, wokondedwa wake, akumuululira makolo ake enieni, zomwe zikutanthauza kuti Jon ali ndi ufulu wa mpando wachifumu woposa wa Daenerys. Mu yachitatu Jorah, amene anamuteteza kuyambira pachiyambi, akufa. Mu yachinayi chinjoka chake china chikuphedwa, ndipo Missandei, bwenzi lake lapamtima, akudulidwa mutu iye akuona. Kumayambiriro kwa yachisanu Varys, mlangizi wake, akupezeka kuti akumuchitira chiwembu, ndipo Jon akulephera kumubwezera chikondi. Zonsezi zikuchitika m'maepisodi anayi otsatizana. Chachiwiricho ndicho chinapatsidwa malo ochepa. Pali mawu angapo osonyeza kuti wayamba kuona anthu a mumzindawo ngati osankha kukhala kumbali ya mdani wake, ndiponso kuti popeza sakondedwa alamulira ndi mantha, koma palibe chochitika chapakati chimene iye akuvulaza anthu wamba owerengeka, n'kudzikhululukira, woonera n'kuona kuti malire ayamba kusuntha. Akuchoka pa kusapha wosalakwa mwadala n'kufika pa kutentha mzinda wogonja, ndipo kusankhako kukuchitika m'kanthawi kochepa, pankhope pokha, popanda mawu. Moto ukayamba, kamera ikutsikira kwa anthu othawa m'misewu ndipo siibwereranso kwa iye kuti tione zimene akuganiza.

Pamenepa mpomwe mbali ziwiri zija zimasemphana popanda kuzindikira. Ena akuyankha funso lakuti kodi munthu uyu akanatha kufika pamenepa, ndipo yankho lawo lakuti inde lili ndi maziko. Ena akuyankha funso lakuti kodi taonetsedwa mmene wafikira, ndipo yankho lawo lakuti ayi lilinso ndi maziko. Tsoka lochuluka limafotokoza chifukwa chimene munthu wakwiyira, koma silifotokoza palokha chifukwa chimene mkwiyowo wagwera anthu amene kale ankawateteza. Palinso ena amene amati kudzidzimutsako kunali kwadala, kuti woonera amene wakhala akuombera m'manja Daenerys akamatentha adani ake adzifunse kuti ankasangalalira chiyani. Kuwerenga kumeneku n'kotheka, ndipo episodi yomaliza ili ndi mawu a Tyrion, mlangizi wamkulu wa Daenerys, onena zofanana ndi zimenezi. Ngati cholinga chinali chimenecho, mtengo wake unali wakuti ambiri anaona ngati alembi ndiwo asankha, osati Daenerys.

Vuto la mathero okonzedweratu lili ndi mtundu wina, umene nthawi siichepa koma imachuluka. Alembi a How I Met Your Mother anajambula mbali ya mathero awo mu 2006, chifukwa ana awiri amene amamvetsera nkhani ya bambo awo m'seweroli akanakula n'kusintha maonekedwe. Seweroli linapitirira mpaka 2014, masizoni asanu ndi anayi. M'zaka zimenezo ampangankhani anakula m'njira zimene mathero akale aja sanaziganizire, makamaka Barney, amene anachoka pa moyo wosinthasintha akazi n'kufika pokwatira Robin. Pafupifupi sizoni yonse yomaliza inathera pa masiku ochepa ozungulira ukwati wawo, kenako m'chigawo chomaliza ukwatiwo unatha m'mphindi zochepa ndipo Barney anabwerera ku moyo wake wakale, kuti Robin akhale womasuka kubwererana ndi bambo wa ana aja pa mathero amene anajambulidwa zaka zisanu ndi zitatu m'mbuyomo. Ukwati kutha si chinthu chachilendo m'moyo, koma kukula kwa munthuyo kunaonetsedwa kwa zaka, pomwe kubwerera kwake kunangodutsidwa mothamanga.

Zochitika kunja kwa nkhani

Nthawi zina chifukwa chimakhala cha ntchito chabe. Wazisudzo amadwala, amakhala ndi pakati, amapeza ntchito ina, amasemphana ndi kampani pa malipiro, kapena amachotsedwa, ndipo alembi amayenera kupeza chifukwa cha m'nkhani chofotokozera kusowa kwake. Mu sizoni yomaliza ya The Office ya ku America, Andy Bernard, amene anali atakhala woyang'anira ofesi ndipo ankaonetsedwa ngati munthu wofunitsitsa kukondedwa, ananyamuka pa boti n'kusiya ntchito ndi chibwenzi chake kwa miyezi itatu. Ed Helms, wosewera malo akewo, ankajambula filimu ina pa nthawiyo. Kusowako kunali kokakamizika, koma mmene anakufotokozera kunali kusankha kwa alembi, ndipo chifukwa chimene anasankha chinapangitsa Andy kuoneka wodzikonda ndi wosaganizira ena, khalidwe limene anapitiriza nalo atabwerera.

Sitalaka ya alembi imachitanso zofanana pa masewero ambiri nthawi imodzi. Ya ku America imene inayamba mu Novembala 2007 n'kutha mu Febuluwale 2008 inatenga masiku 100, ndipo masizoni ambiri a chaka chimenecho anafupikitsidwa. Sizoni ikadulidwa chotero, zochitika zikuluzikulu zimasungidwa chifukwa nkhani singayende popanda izo, ndipo zimene zimatayidwa ndi timakambirano ta phee tomwe timaoneka ngati tosafunika, pomwe ndi momwe woonera amamvera zimene munthu akuganiza. Zimenezi zimachitikanso m'chipinda chodulira zithunzi ngakhale popanda sitalaka: episodi ikatalika kupyola nthawi yake, chochitika cha anthu awiri akungocheza chimachotsedwa msanga kuposa cha nkhondo chimene chadya ndalama zambiri.

Chizindikiro cha zifukwa zakunjazi ndi kudzidzimutsa pamodzi ndi kusowa. Munthu amapita ulendo umene sunakonzekeredwe, amangomveka pa foni, amakangana ndi wina popanda chiyambi chomveka, kapena zimene wachita timangozimva kwa ena osaziona.

Kukokomeza kwa pang'onopang'ono

M'masewero a nthabwala muli njira ina imene siidzidzimutsa, moti munthu amaizindikira pokhapokha akabwerera ku maepisodi akale. Khalidwe limodzi la mpangankhani likaseketsa anthu, alembi amalibwereza, ndipo kuti liseketsenso amaliwonjezera pang'ono. Zaka zikapita, khalidwe limodzilo limameza ena onse. Ned Flanders wa mu The Simpsons, sewero limene linayamba mu 1989, poyamba anali mnansi waulemu ndi wa moyo wolongosoka, amene kupemphera kunali mbali imodzi chabe ya moyo wake, ndipo nthabwala inali nsanje ya Homer, mpangankhani wamkulu wa seweroli, pa iye. M'kupita kwa zaka chipembedzo chinakhala pafupifupi chinthu chokha chomudziwira, mpaka oonera anayamba kutchula mchitidwe wonsewu ndi dzina lake. Wopusa pang'ono amasanduka chitsiru chenicheni, waukhondo amasanduka wodwala nawo ukhondowo. Palibe episodi imodzi imene mungaloze kuti apa ndi pamene zinalakwika, chifukwa sitepe iliyonse inali yaing'ono.

Mbali ya woonera

Pali chifukwa china chimene sichili mwa alembi. Munthu akakonda mpangankhani, amasunga bwino zochita zake zabwino ndipo zoipa amazipezera zifukwa. Nkhani nayonso imathandiza zimenezi, pakuti nyimbo, kaimidwe ka kamera ndi kuipa kwa adani zimatiuza mmene tiyenera kumvera. Munthu akapha adani oipitsitsa nyimbo yachipambano ikulira, sitiwerengera imfazo pa khalidwe lake, ngakhale kuti kaphedwe kake n'komweko kamene tidzadana nako akadzakagwiritsa ntchito pa ena. Komanso pakati pa sizoni ndi sizoni pamadutsa chaka kapena kuposerapo, ndipo pa Game of Thrones panadutsa pafupifupi zaka ziwiri isanafike yomaliza. M'nthawi yotero oonera amakambirana, amalosera, ndipo amamanga m'maganizo mwawo munthu amene amasiyana pang'ono ndi wa pa kanema. Sizoni ikafika, imapikisana ndi munthu womangidwayo. Ichi si chifukwa chonyozera dandaulo la oonera, poti luso la wolemba limaphatikizapo kudziwa chithunzi chimene iye mwini waika m'mitu ya anthu, koma chimafotokoza chifukwa chake ena amene amaonera sewero lonse motsatizana m'masabata ochepa sadabwa kwambiri ndi kusintha kumene kunakwiyitsa amene analitsatira kwa zaka.

Mmene mungasiyanitsire

Pofuna kudziwa chimene chachitika pa mpangankhani wina, ndi bwino kuyamba ndi kutchula malire enieni amene adumphidwa, m'chiganizo chimodzi. Kunena kuti wasintha n'kosakwanira. Kunena kuti kale sankanamiza mkazi wake ndipo tsopano wamunamiza, kapena kuti kale sankavulaza osalakwa ndipo tsopano wawavulaza, kumapereka chinthu choti chifufuzidwe. Mukatero, bwererani m'mbuyo n'kuona ngati malirewo anayesedwapo kale, ndipo ngati anayesedwa, munthuyo anatani. Ngati mupeza kuti anawadumphapo pang'ono, n'kudzikhululukira, kenako n'kuwadumpha kwambiri, ndiye kuti njira inalipo ndipo mwina chikondi ndicho chinaiphimba. Ngati mupeza kuti nthawi zonse malirewo akayesedwa ankawasunga, ngakhale zinkamutayitsa zambiri, ndiye kuti alembi anali ndi ngongole yofotokoza chimene chasintha.

Chachiwiri ndi kuona mmene ampangankhani ena akuchilandirira chochitacho. Ngati anzake a m'nkhani akudabwa, akumufunsa, ndipo nkhani ikupereka nthawi ku zotsatira zake, alembi akudziwa kuti munthuyo wachoka pa chizolowezi chake ndipo akuchita dala, kaya achita bwino kapena ayi. Ngati aliyense akupitiriza ngati palibe chachilendo, kawirikawiri ndiye kuti olembawo sakuona kusiyanako, zomwe zimaloza ku kusintha kwa manja kapena ku kukokomeza kuja.

Chachitatu ndi kufunsa kuti chochitacho chapindulira ndani. Pamene munthu wochenjera achita chopusa, ndipo kupusako n'kumene kukupangitsa kuti nkhondo ichitike, chinsinsi chiululike kapena anthu awiri akumane pamalo amene mathero akuwafuna, pali chifukwa chokayikira kuti nkhani ndiyo yamukoka. Kuyesa kwake n'kosavuta: ganizirani chimene munthuyo akanachita m'sizoni yachiwiri, ndipo muone ngati mathero akanathekabe. Ngati sakanatheka, mwapeza pamene chingwe chamangidwa.

Njira zimenezi zili ndi polekezera. Zifukwa zimakonda kubwera pamodzi, moti sizoni yofupika, wazisudzo wotanganidwa ndi mathero okonzedweratu zingagwere munthu mmodzi nthawi imodzi, ndipo kuchokera pa kanema pokha n'kosatheka kugawa kuti chilichonse chathandizira motani. Zimene alembi ndi azisudzo amanena pofunsidwa ndi atolankhani zimathandiza, koma ziyenera kumvedwa mosamala, chifukwa pa nthawi yotsatsa sewero amakhala omangidwa ndi mapangano a ntchito, ndipo pakapita zaka aliyense amakumbukira mbali imene imamukomera. Ngakhale chochitika chimene chinajambulidwa n'kudulidwa, chikadzatulutsidwa pambuyo pake, chimangosonyeza zimene alembi ankalinga. Sichisintha munthu amene oonera anamuona, popeza mpangankhani amapangidwa ndi zimene zinafika pa kanema.